Samu ya inikwalite yochokera pa chithunzi ikamakana: momwe mungapezere pamene yaphonyeka

Ophunzira a Fomu 2 akangofika pa mainikwalite, mafoni a ife aphunzitsi a masamu kuno ku Mangochi amadzaza ndi zithunzi. Mwana wajambula samu pa bolodi kapena m'kope la mnzake, watumiza kwa achimwene ake amene ali ku Joni, kwa azakhali ake pa boma, kapena kwa aphunzitsi, ndipo funso limakhala lomwelo: "Yankho langa likusiyana ndi la anzanga, ndalakwitsa pati?" Zolakwikazo n'zomwezomwezo chaka ndi chaka, kotero ndazisanja pano kuti wophunzira, kapena wamkulu amene akumuthandiza pa foni, azizipeza yekha.

Yankho la inikwalite lili ndi zinthu zitatu: nambala ya malire, mbali imene mayankho ali, ndiponso ngati nambala ya malireyo ili m'gulu la mayankho kapena ayi. Chilichonse mwa zitatuzi chimaonongeka pa chifukwa chakechake. Mukadziwa chimene chaonongeka, simufunika kuyambanso samu yonse kasanu.

## Samu imene tikhale nayo

Tiyerekeze kuti pa chithunzi pali funso nambala 4, lokuuzani kupeza x ndi kuonetsa yankho pa mzere wa manambala. Njira yake yolondola ndi iyi:

```
5 − 2(x − 1) ≥ 3x − 8
5 − 2x + 2 ≥ 3x − 8
7 − 2x ≥ 3x − 8
−2x − 3x ≥ −8 − 7
−5x ≥ −15
x ≤ 3
```

Pa mzere womaliza chizindikiro chatembenuka chifukwa tagawa mbali zonse ndi −5. Pa mzere wa manambala timaika kadontho kodetsa pa 3, muvi n'kuloza kumanzere:

```
<==========●----------
  0  1  2  3  4  5  6
```

## Musanafufuze, yesani kawiri

Kuyesa koyamba ndi kwa malire. Tengani nambala imene mwapeza, muiike m'malo mwa x mu samu yoyambirira, osati pa mzere wapakati umene mwina unalakwika kale. Mbali ziwirizo ziyenera kufanana ndendende. Pa 3, kumanzere kukubwera 5 − 2(2), kutanthauza 1, ndipo kumanja 9 − 8, amenenso ndi 1. Malire ali bwino.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa mbali. Tengani nambala imodzi kumanzere kwa malire, ina kumanja. Ziro ndiye wosavuta, bola asakhale malirewo. Pa 0 tikupeza 7 ≥ −8, zoona. Pa 4 tikupeza −1 ≥ 4, bodza. Ndiye kuti mayankho ali mbali imene kuli 0, kumanzere kwa 3.

Zimene zatuluka pa kuyesaku ndi zimene zikuuzeni gawo loti muwerenge m'munsimu.

## Vuto: mwaika malire, mbali ziwiri sizikufanana

Apa musalimbane ndi chizindikiro, sichinalakwe kanthu. Vuto lili pa kuwerengetsera, ndipo limayambira malo atatu.

1. Mainasi ya kunja kwa bulaketi sinafike pa nambala yachiwiri. Ili ndilo limene ndimachonga kwambiri. Wophunzira amachulukitsa −2 ndi x bwinobwino, koma akafika pa −1 amalemba −2 m'malo mwa +2.

- Mudziwa bwanji: mzere wachiwiri ukuoneka 5 − 2x − 2, ndipo yankho latuluka x ≤ 11/5, kapena kuti 2.2. Mukaika 2.2 mu samu, kumanzere kukubwera 2.6 pamene kumanja kukubwera −1.4.
- Kukonza: tengani −2 ngati nambala imodzi pamodzi ndi mainasi yake. Lembani pambali (−2)(x) ndi (−2)(−1), kenako mubweze mu samu.

2. Mwawolotsa nambala osasintha chizindikiro chake. 3x akachoka kumanja kupita kumanzere ayenera kukhala −3x. Amene waiwala amapeza −2x + 3x, yankho lake n'kukhala x ≥ −15. Ikani −15 muone: 37 mbali ina, −53 mbali inayo. Kutalikirana kotere kumasonyeza kuti cholakwika n'chachikulu. Kwa wophunzira amene vutoli limamubwerezabwereza, ine ndimamuletsa mawu oti "kuwolotsa" kwa kanthawi, azilemba kuti akuchotsa 3x mbali zonse ziwiri. Zimadya mizere yambiri m'kope, koma zimachiza.

3. Kuphatikiza manambala a negetivu. −8 − 7 ndi −15, osati −1 kapena +15. Lamulo loti mamainasi awiri amabala pulasi ndi la kuchulukitsa ndi kugawa. Pa kuwonkhetsa ndi kuchotsera siligwira ntchito motero.

Ngati mwayang'ana zitatuzi osapeza kanthu, tengani nambala imodzi, monga 1, muiike pa mzere uliwonse kuchokera pamwamba, n'kumaona kusiyana kwa mbali ziwirizo. Mu samu yathuyi, mzere woyamba ukupereka 5 ndi −5, kusiyana kwake 10. Mzere wachiwiri ndi wachitatu ukuperekanso chimodzimodzi. Wachinayi ukupereka −5 ndi −15, kusiyana kukadali 10. Malinga ngati simunagawe kapena kuchulukitsa mbali zonse, kusiyanaku sikuyenera kusintha. Mzere umene kwasinthira ndi umene pali cholakwika.

## Vuto: malire ali bwino, koma kuyesa mbali kwakana

Mwapeza 3, koma mwalemba x ≥ 3, ndipo mutaika 4 kwatuluka bodza.

1. Mwagawa ndi nambala ya negetivu osatembenuza chizindikiro. Kuchoka pa −5x ≥ −15 kufika pa x, ambiri amachita monga amachitira ndi ikweshoni, chizindikiro n'kuchisiya momwemo. Lamuloli ophunzira amaliloweza koma salikhulupirira, n'chifukwa chake limathawa pa mayeso. Liyeseni ndi manambala enieni. 2 ndi wochepa kwa 5. Chulukitsani onse ndi −1, mupeza −2 ndi −5, ndipo tsopano −2 ndiye wamkulu. Wokhala ndi K5,000 m'thumba aposa wa K2,000, koma zikakhala ngongole pa golosale, wa ngongole ya K2,000 ndiye ali pabwino. Kuchulukitsa kapena kugawa ndi negetivu kumatembenuza mzere wonse wa manambala, zakumanja kupita kumanzere, choncho chizindikiro chiyenera kutsatira.

Pali njira yozemba vutoli, ndipo ine ndimaikonda kuposa yoyamba ija. Sonkhanitsani ma x mbali imene atsale opanda mainasi:

```
7 − 2x ≥ 3x − 8
7 + 8 ≥ 3x + 2x
15 ≥ 5x
3 ≥ x
```

Palibe pamene tagawa ndi negetivu, ndiye palibenso chotembenuza. Koma njirayi ili ndi msampha wake, womwe ndi wachiwiriwu.

2. Mwasinthanitsa mbali osatembenuza chizindikiro. Wophunzira amafika pa 3 ≥ x, n'kufuna kuti x akhale kumanzere monga anazolowera, n'kulemba x ≥ 3. Izi n'zinthu ziwiri zosiyana. Pa 3 ≥ x, mbali yotseguka ya chizindikiro yayang'ana 3 ndipo nsonga yaloza x. Mukasinthanitsa, nsongayo iyenera kulozabe x, kotero mulembe x ≤ 3. Werengani mokweza kuyambira pa x: "x ndi wochepa kwa 3 kapena wofanana naye."

3. Mwatembenuza pamene sipafunika. Awa ndi ophunzira amene lamulo lawalowa mopitirira. Akangoona mainasi paliponse, amatembenuza. Pa 5x ≥ −15 tikugawa ndi 5, amene ndi pozitivu, ndiye yankho ndi x ≥ −3, chizindikiro chili momwemo. Choyang'ana ndi nambala imene mukugawira, osati imene ikugawidwayo. Kuchotsa kapena kuwonkhetsa nambala ya negetivu mbali zonse sikutembenuzanso kanthu.

## Vuto: kuyesa konse kwadutsa, koma yankho likusiyanabe ndi la m'kalasi

Ili ndi vuto lobisika kuposa onse, ndipo ndilo limabwera ndi mafoni. Kuyesa kuja kumangotsimikiza kuti mwasova bwino samu imene munakopera. Sikungakuuzeni ngati munakopera samu yoyenera. Munthu amatha kuchita zonse mwaukhondo, n'kuyesa, n'kudutsa, koma samuyo si imene aphunzitsi analemba. Bwererani ku chithunzi, muchikulitse ndi zala, muyang'ane zinthu izi motsatana.

1. Kamzere ka pansi pa chizindikiro. Kusiyana kwa ≥ ndi > ndi kamzere kamodzi kakang'ono, ndipo ndi kamene kamayamba kusowa chithunzi chikachita chimbuuzi. M'kope la mizere kamabisala pa mzere wa pepala. Zimachitikanso mosemphana: mzere wa pepalawo umaoneka ngati kamzere pansi pa > pamene palibe. Mukawerenga > m'malo mwa ≥, yankho lituluka x < 3. Malire ndi omwewo, mbali ndi yomweyo, koma 3 watayidwa kunja ndipo pa mzere wa manambala muika kamphete m'malo mwa kadontho.

- Yerekezani ndi mafunso ena pa tsamba lomwelo. Wolemba mmodzi amalemba ≥ mofanana paliponse.
- Kamzere ka cholembera kamathera pomwe chizindikiro chathera, ndipo ena amakapendeketsa. Mzere wa pepala umapitirira tsamba lonse.
- Mukakayikabe, musalote. Funsani mwini kope akuwerengereni pa foni.

2. Manambala ofanana maonekedwe. Pa bolodi losafufutidwa bwino, kapena pamene dzuwa lolowera pa windo lawalira, 8 amaoneka ngati 3, 1 ngati 7, 5 ngati 6. Taonani kuopsa kwake mu samu yathu. Mukawerenga 3x − 3 m'malo mwa 3x − 8, mufika pa 10 ≥ 5x, yankho x ≤ 2. Ndi nambala yathunthu yooneka bwino, ndipo mukaika 2 mbali zonse zikubwera 3. Palibe chokuchenjezani. Ophunzira ambiri amakhulupirira kuti yankho likatuluka lopanda fulakishoni ndiye kuti akhoza. Chikhulupiriro chimenecho chisiyeni. Samu yolakwika imatha kutuluka yosalala, ndipo yolondola imatha kutuluka ndi fulakishoni.

3. Nambala ya funso yalowa mu samu. Funso lathu ndi nambala 4 ndipo likuyamba ndi 5. Wolemba akapanikiza, pa chithunzi pamaoneka 4.5 − 2(x − 1). Mukatsatira zimenezo mupeza x ≤ 2.9. Yang'anani funso la pamwamba ndi la pansi: ngati akuyamba ndi 3 ndi 5 pa malo omwewo, ndiye kuti 4 uja ndi nambala ya funso.

4. Mainasi yasowa kapena yabadwa. Pepala lofotokopedwa kuchokera ku fotokope inzake limataya timizere topyapyala, ndipo popindika pepala pamadya mainasi. Kwina kachidutswa ka choko kapena kadontho ka inki kamaoneka ngati mainasi. Mukaona mpata waukulu pakati pa nambala ziwiri popanda chizindikiro chilichonse, monga pakati pa 3x ndi 8, dziwani kuti panali chinachake. Kaya panali pulasi kaya mainasi, chithunzicho sichingakuuzeni.

5. Chithunzi chadula m'mphepete. Wojambula amalunjika pa manambala n'kusiya mawu a pamwamba. Koma m'mawumo ndi mmene amanena ngati x ndi intija kapena nambala iliyonse, ndipo zimenezo zimasintha chojambula chonse, monga tionere kutsogoloku. Nthawi zina kumanja kwa samu kwadulidwa, 18 n'kutsala 1.

6. Mzere wa fulakishoni. Ili limabwera munthu akamalemba samu pa foni kuchokera pa chithunzi kuti atumizire wina. Ngati x + 4 yense ali pamwamba pa 2, lembani `(x + 4)/2`. Mukalemba `x + 4/2`, wolandirayo awerenga x + 2, ndipo sanalakwe. Pa foni ≥ mutha kulemba `>=`, ndipo ≤ mulembe `<=`.

Mankhwala a zonsezi ndi kujambulanso, ngati kope kapena bolodi likadalipo:

- Jambulani masana pa mthunzi, monga pakhonde. Dzuwa la kuno pa pepala loyera limafufuta pensulo, ndipo tochi ya foni usiku imasiya chibanga chowala pakati pa tsamba.
- Pukutani galasi la kamera. Foni yokhala m'thumba tsiku lonse kukutentha imachita nkhungu ya thukuta.
- Yalani pepala pansi, mulitsendereze m'makona, makamaka nyengo ya mwera. Foni ikhale pamwamba penipeni, osati chammbali.
- Funso limodzi pa chithunzi chimodzi, koma mawu ake onse alowe.
- Gwirani pa sikirini pamene pali samu kuti kamera ilunjike pomwepo, mudikire pang'ono musanajambule.

WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndipo timizere tija ndi timene timavutika. Ngati bandulo ikulola, sankhani `HD` kapena tumizani ngati `Document`. Ngati bandulo yatsala pang'ono, kapena muli kumene netiweki imavuta, pali njira yotchipa yoposa zonsezi: wojambulayo alembenso samuyo ndi cholembera, zilembo zikuluzikulu pa pepala loyera, ajambule chimenecho, kenako atumize mawu akuiwerenga. Wolandira aiwerenge mobweza asanayambe kusova. Ndi kaminiti kamodzi, ndipo kamapulumutsa usiku wonse wokangana pa yankho la samu ziwiri zosiyana.

Kwa achimwene ndi achemwali amene mukuthandiza muli ku Joni, kumbukirani kuti masukulu a kumeneko amalemba desimo ndi koma, 2,2 m'malo mwa 2.2. Mwana wa kuno mulembereni ndi kadontho monga aphunzitsi ake amachitira.

## Vuto: x wasowa pakati pa samu

1. Mwachotsera musanachulukitse. Pa 5 − 2(x − 1), diso limathamangira 5 − 2 n'kupeza 3, samu n'kukhala 3(x − 1) ≥ 3x − 8. Mukatsegula bulaketi ma 3x amadyana, n'kutsala −3 ≥ −8. Wophunzira amangoti kakasi. Koma 2 uja ndi womangika ku bulaketi, ndipo kuchulukitsa kumayamba kuchotsera kusanachitike. Bwererani pa mzere woyamba.

2. Mwakopera molakwika nambala yoyandikana ndi x. Onaninso chithunzi.

3. Samuyo ndi yotero. Sizichitikachitika, koma zilipo. Ngati zonse zili bwino ndipo chotsalacho n'choona, monga −3 ≥ −8, nambala iliyonse ndi yankho, ndipo mzere wonse umadetsedwa ndi mivi mbali zonse. Chikakhala chabodza, monga 2 > 6, palibe yankho ndipo palibe chodetsa. Musanalembe zimenezo, yesani manambala awiri kapena atatu mu samu yoyambirira.

## Vuto: x ≤ 3 achonga, koma mzere wa manambala athetha

Apa malikisi amatayika mwaulere, samu yovutayo itatha kale.

1. Kadontho ndi kamphete zasinthana. Kadontho kodetsa kamanena kuti nambala ya malire ili m'gulu la mayankho, ndipo ndi ka ≤ ndi ≥. Kamphete kosadetsa m'kati kamanena kuti malire ali kunja, ndipo ndi ka < ndi >. Mukaiwala, samu yomweyo ikuuzani. Ikani 3: patuluka 1 ≥ 1, zoona, ndiye detsani. Chikanakhala >, pakanatuluka 1 > 1, bodza, ndiye musiye kamphete. Kamphete kajambuleni kokulirapo kuti m'kati muoneke poyera. Kakachepa, pensulo yobuntha imakadzaza, wochonga n'kuona kadontho. Pa chithunzi chotumiza kwa aphunzitsi ndiye zimanyanya.

2. Muvi waloza kolakwika. Ophunzira amauzana kuti muvi umaloza kumene nsonga ya chizindikiro yaloza. Zimagwira pokhapokha x ali kumanzere. Pa x ≤ 3 nsonga yaloza kumanzere, muvi kumanzere, zili bwino. Koma amene anathera pa 3 ≥ x akatsatira nzeru imeneyi, muvi upita kumanja, kolakwika. Chodalirika ndi kuyesa mbali kuja. 0 anapereka zoona, ndiye muvi uyenera kudutsa pa 0.

3. Manambala a negetivu asanjidwa chobwerera. Kuchokera pa 0 kupita kumanzere ndi −1, −2, −3, osati −3, −2, −1. Yankho likakhala x > −3, muvi umachoka pa −3 kudutsa −2, −1, 0 kupita kumanja. Amene amaganiza kuti −4 ndi wamkulu kwa −3 amaulozetsa kumanzere.

4. Funso linati x ndi intija. Apa ndi pamene mawu odulidwa pa chithunzi aja amabwezera. Ngati x ndi nambala iliyonse, timajambula mzere wosaduka chifukwa 2.5 ndi 2.99 nawonso ndi mayankho. Ngati x ndi intija, timaika timadontho pa 3, 2, 1, 0, −1 ndi kupitirira, pakati pake osadetsa, n'kusonyeza kuti tikupitirirabe kumanzere. Funso likati intija za pozitivu, mayankho ndi atatu okha: 1, 2 ndi 3. Ndipo chizindikiro chikanakhala <, kadontho koyamba kakanakhala pa 2, ndipo pa 3 sipakanafunika kanthu.

5. Mipata yosafanana, kapena malire osalembedwa. Gwiritsani rula, sentimita imodzi pa nambala iliyonse. Simufunika kuyambira −10 mpaka 10. Manambala atatu mbali iyi ndi atatu mbali inayo akwana. Malire akakhala fulakishoni, monga 11/5, musawakankhire pa 2. Aikeni patsogolo pang'ono pa 2, pa gawo loyamba mwa magawo asanu a mpata wa pakati pa 2 ndi 3, ndipo mulembe nambalayo pamwamba pake.

Funso likakhala ndi zizindikiro ziwiri, malamulo ndi omwewa, kungoti chilichonse chimachitika pa zigawo zitatu:

```
−1 ≤ 3 − 2x < 7
−4 ≤ −2x < 4
2 ≥ x > −2
−2 < x ≤ 2
```

Zizindikiro zonse ziwiri zatembenuka pogawa ndi −2. Pa mzere wa manambala, kamphete pa −2, kadontho pa 2, mzere wolumikiza pakati, popanda muvi. Cholakwika chofala apa ndi kusokoneza kuti ≤ anali wa malire ati. Anayamba ndi −1, ndipo −1 uja ndi amene wasanduka 2, ndiye kadontho kali pa 2. Yesani: 3 − 2(2) ndi −1, ndipo −1 ≤ −1 n'zoona.

## Pamene muyenera kusiya n'kupita kwa aphunzitsi

Njira zonse zili pamwambazi ndi za inikwalite ya chilembo chimodzi, x wopanda mphamvu, wosakhala pansi pa fulakishoni. Mukaona zotsatirazi, musakakamize.

- x ali pansi pa fulakishoni. Pa 6/x > 2, mukachulukitsa ndi x mupeza x < 3, zooneka bwino. Koma ikani −1: −6 > 2, bodza. Simungachulukitse ndi x osadziwa ngati ndi pozitivu kapena negetivu. Yankho lenileni ndi 0 < x < 3, ndipo njira yake ndi ina.
- Pali x². Pa x² < 9, yankho si x < 3, chifukwa −5 ndi wochepa kwa 3 koma 25 saali pansi pa 9. Onetsetsani kaye pa chithunzi kuti ka 2 kameneko ndi ka mphamvu, osati dontho kapena nambala ya mzere wa pamwamba.
- x ali pakati pa timizere tiwiri toimirira, monga |x − 1|. Pa chithunzi timizereti timaoneka ngati 1 kapena bulaketi, koma samu yake ndi ina.
- Pali x ndi y. Yankho lake silipita pa mzere wa manambala, limafuna girafu ndi kudetsa dera.
- Chithunzi sichikuwerengeka ndipo pa bolodi afufuta. Musasankhe chizindikiro chimene chikupereka yankho lokoma. Funsani amene analemba samuyo.
- Mwakopera bwino, kuyesa konse kwadutsa, koma yankho la kumapeto kwa buku kapena la pa pepala likusiyana. Mayankho osindikizidwa nawonso amalakwika nthawi zina. Ikani malire a m'bukumo mu samu. Ngati mbali ziwiri sizikufanana, tengerani aphunzitsi umboniwo, musasinthe ntchito yanu kuti igwirizane ndi buku.
- Cholakwika chimodzi chikubwerera samu iliyonse, makamaka cha manambala a negetivu. Vutolo si la inikwalite, ndi la m'mbuyo, ndipo silitha ndi mauthenga a pa foni. Pafunika kukhala pansi ndi mphunzitsi pa mzere wa manambala.
- Chithunzi chikuoneka kuti ndi cha mayeso amene akulembedwa kapena sanalembedwe, kaya a pasukulu kaya a MANEB. Musasove, musatumizire wina. Dziwitsani ahedi.

Popita kwa aphunzitsi, tengani chithunzi choyambirira, samu monga munaikoperera, mizere yonse ya ntchito yanu osafufuta polakwika, ndi manambala amene munayesa pamodzi ndi zimene anatulutsa. Mukangoti "Aphunzitsi, sikutheka", ayamba nanu pa mzere woyamba. Mukati "Aphunzitsi, ndapeza x ≥ 3 ndipo pa 3 mbali zikufanana, koma ndikaika 4 ikukana", adziwa nthawi yomweyo kuti ayang'ane mzere umene munagawa ndi −5.